Tayala Likamadyeka Mabampu: Musanagule Lina, Funsani Mashoko

Pali bambo ena a ku Machinjiri amene ali ndi Sienta yonyamula anthu. Imayenda njira ya Lunzu, masiku ena n'kupita ku Zomba. Anafika pagalaja yanga ku Chirimba m'mawa wina mvula itangosiya kumene, nkhope ili gwaa. Sanayambe n'moni.

"Amisiri, galimotoyi yandilodza. Kumbuyoku kukulira ngati chigayo. Bering'i ndasinthitsa mwezi watha, habu yonse, koma kulira kuli pomwepo. Matayala akumbuyo awa ndi achitatu chaka chino."

Ndinawauza kuti, "Pepani bambo, tiyeni tiyambe taligwira tayalalo." Ndinagwada kumbuyo kumanzere, n'kuyendetsa chikhatho pamwamba pa mano a tayala, motsatira momwe limazungulira. Dzanja linakwera, n'kutsika, n'kukweranso. Pena potukuka, pena polowa, ngati munthu wakhala akutapapo ndi chipande kuzungulira tayala lonse. Ndinagwira dzanja lawo n'kuliika pomwepo. Anangoti, "Aa! Koma ndi maso sizioneka."

N'zoona, poyamba sizioneka. Vutoli limayamba kumveka m'khutu, kenako m'dzanja, maso amabwera kumapeto tayala litatha kale. N'chifukwa chake anthu ambiri amathamangira bering'i, ena n'kumanyoza wogulitsa matayala kuti anawapatsa achinyengo. Akagula ena, miyezi itatu kapena inayi, nyimbo ija yabwereranso.

Chimene chimachitika pansipo

Anthu amaganiza kuti shoko ndiye imanyamula galimoto. Ayi, yonyamula ndi sipuring'i. Koma sipuring'i payokha ilibe mwambo: mukaipanikiza n'kuisiya imadumpha, n'kubwerera, n'kudumphanso kangapo isanakhale chete. Ntchito ya shoko ndi kuletsa kudumphako. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ndi timavalavu. Tayala likakwera kapena kutsika, pisitoni imakakamiza oyilo kudutsa m'timabowo timeneti, ndipo mphamvu ya kudumpha ija imasanduka kutentha. Mashoko ambiri a masiku ano amakhalanso ndi gasi wothandiza kuti oyilo asachite thovu.

Oyilo akatayika, kapena timavalavu tikalema, pisitoni imangoyenda mopanda choiletsa. Apa tayala likagunda kabampu, ngakhale chigamba chaching'ono cha phula, silikhala pansi. Limanjanja ngati mpira wamiyendo wopopedwa kwambiri. Pakanthawi kamene lapepuka limatsetsereka pang'ono pamsewu, ndipo likamatera limakhula phula mwamphamvu. Pamene lakhulapo pamadyeka kuposa pena. Malo akangolowa pang'ono, ndiwo amayambitsa kudumpha kwina tayala likazunguliranso, motero dzenje lija limadzikumba lokha. Amene anayendapo pamsewu wafumbi wochita mabampu aang'onoang'ono otsatizana aja akudziwa chimene ndikunena. Kusiyana kwake n'koti apa mabampuwo akulembedwa patayala osati pamsewu.

Pali chifukwa chimene kulira ndi kunjenjemera kumakulira pa liwiro lina lake. Tayala la Sienta yakale ija ndi 175/70R14, ndipo likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.9. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola ndiye kuti likuzungulira pafupifupi ka 12 pa sekondi imodzi. Tsono tayala ndi habu yake, zikakhala pakati pa sipuring'i ndi msewu, zimakonda kunjanja mwachibadwa ka 10 mpaka 15 pa sekondi. Mukuona kuti manambalawa akukumana. Tayala likakhala kuti balansi yake yasokonekera ngakhale pang'ono, kulemera kwa mbali imodzi kumalikankha nthawi yeniyeni imene lokha likufuna kudumpha, ngati kukankha mwana pa katungwe. Shoko yamoyo imazimitsa zimenezi. Yakufa imangoonerera. Ndiye galimoto yongozungulira m'tauni, pamzere wa pa Chipembere Highway madzulo, ingathe kubisa vutoli nthawi yaitali, pamene yothamanga njira ya Zomba kapena ya Lunzu tsiku ndi tsiku imalionetsa msanga.

Nanga bwanji kumbuyo kawirikawiri? Magalimoto onga Sienta, Vitz, Passo ndi Freed amakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo injini imalemera komweko. Matayala akutsogolo amadyeka msanga chifukwa chokoka, kukhota ndi kugwira mabuleki, ndipo kudyekako kumasalaza timabampu tisanakule. Akumbuyo amangotsatira, amadyeka pang'onopang'ono, choncho chilema chilichonse chimapeza nthawi yozika mizu. Komanso dalaivala samva kumbuyo m'chiwongolero. Amene amamva ndi okwera pampando wakumapeto, ndipo iwo amangoti ndi msewu.

Kuti lakumanzere ndiye limayamba, n'zosadabwitsa kuno. Timayenda kumanzere, ndipo m'mphepete mwa phula ndi momwe mumagumuka. Galimoto yonyamula anthu imatsika paphula n'kukweranso kambirimbiri patsiku, nthawi zambiri itadzaza. Ikafika nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, maenje amabisala m'madzi, ndipo dzenje limodzi lologunda mwamphamvu ndi lokwanira kupinda ndodo ya shoko kapena kuphulitsa silo yake, kalabala kotsekera oyilo kuti asatuluke. Chilimwe chimabweretsa mdani wina, fumbi. Labala lotchinga ndodo ya shoko likang'ambika, fumbi limamatirira pandodo yonyowa ndi oyilo n'kumakhula silo ngati sandipepala.

Kuwerenga tayala musanalichotse

Lamulo langa pagalaja ndi loti tayala lodyeka modabwitsa lisachoke pagalimoto ndisanalione. Likachoka n'kusakanikirana ndi anzake, umboni wapita, chifukwa simudziwanso kuti linali ngodya iti komanso mbali iti inali m'kati. Ngati n'kofunika kulichotsa, lembani ndi choko: kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja.

Imikani galimoto pamalo osalala, tsekerani matayala ena ndi miyala kapena matabwa, kwezani ndi jeke ndipo ikani chochirikiza musanalowetse dzanja kapena mutu. Zungulitsani tayala pang'onopang'ono chikhatho chili pamano ake, mosamala chifukwa tayala lakutha limatha kutulutsa mawaya. Chitani zimenezi katatu: m'mphepete mwa kunja, pakati, ndi m'mphepete mwa m'kati. Mwa m'katimo musamuiwale, ndi momwe mabampu amakonda kubisala. Paliponse pamene dzanja latsika lembanipo ndi choko.

Pa Sienta ya bambo aja ndinawerenga malo olowa 14 kuzungulira tayala lakumanzere, otalikirana mofanana ndithu, pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka. Ndinayeza kuya kwa mizere ndi kamchira ka veniya, chipangizo choyezera cha amakaniko. Pamalo otukuka panali mamilimita 5, pamalo olowa mamilimita 3. Tayala limodzi, mibadwo iwiri. Wopanda veniya atha kugwiritsa ntchito kamtengo ka machesi, n'kumadinda ndi chikhadabo pamene kalekezera. Lakumanja linali ndi mabampu omwewo koma osaya, osakwana milimita imodzi.

Mabampu a shoko amakhala ozungulira m'mphepete mwake, osalala kukhudza, ndipo amamveka chimodzimodzi mukayendetsa dzanja kupita kutsogolo kapena kubwerera. Amabwerezabwereza kuzungulira tayala lonse. Ichi ndicho chimawasiyanitsa ndi matenda ena amene amafanana nawo, ndipo kusiyanitsaku ndi kumene kumapulumutsa ndalama.

Mukayendetsa dzanja mopingasa, kuchoka kunja kupita m'kati, n'kumva mano osalala popita koma akuthwa pobwerera, ngati mamba a chambo, ameneyo si shoko. Ndi alayinimenti: matayala akuyang'anizana kapena kufulatirana mopitirira, ndiye akuyenda mokwekwereza. Kutsogolo yang'anani tayirodi. Mbali imodzi yokha ikadyeka mosalala kuzungulira konse, tayala lapendekeka, mwina sipuring'i yafooka, mwina chitsulo china chinapindika. Mbali zonse ziwiri zikadyeka pakati n'kutsala, mpweya umakhala wochepa kapena katundu wochuluka; pakati pokha pakadyeka, mwapopa mopitiriza. Malo amodzi okha ophwatalala, aakulu, ndi chipsera cha mabuleki amene anagwira tayala n'kulikwekwereza. Malo amodzi kapena awiri odyeka, ena onse ali bwino, amaloza balansi kapena rimu yopindika.

Mavuto awiri amene amapusitsa ngakhale amakaniko ndi awa. Loyamba ndi mano odyeka ngati a sowo: dzino lililonse lili lalitali mbali imodzi, lalifupi mbali ina, ndipo dzanja limatsetsereka popita koma limakodwa pobwerera motsatira kuzungulira kwa tayala. Zimenezi zimachitika pamatayala osakoka amene akhalitsa malo amodzi, makamaka a mano akuluakulu a m'matope aja, ngakhale mashoko ali bwino. Mankhwala ake ndi kusinthanitsa matayala. Lachiwiri ndi mabampu opingasa, odutsa mano a tayala mopendekeka ngati mikwingwirima. Amenewa kumbuyo amatanthauza kuti tayala silikuyang'ana kutsogolo bwinobwino. Sienta yokoka kutsogolo kokha ili ndi chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse akumbuyo, chopanda posinthira alayinimenti. Chikapindika pa dzenje kapena mabushi ake akatha, mutha kusintha mashoko kakhumi, tayala lizingodyekabe. Apa pamafunika makina a alayinimenti oyeza matayala onse anayi, osati akutsogolo okha.

Nanga kulira kuja, mungadziwe bwanji kuti si bering'i? Pezani msewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri, yendani pa liwiro limene kulira kumamveka, kenako pendeketsani galimoto pang'ono kumanzere ndi kumanja. Bering'i yakutha imasintha mawu: imakuwa kulemera kukapita mbali yake, n'kutsitsa mawu kulemera kukachoka. Tayala la mabampu sililabadira zimenezo, koma limasintha mawu msewu ukasintha, pochoka paphula lokhakhala kupita posalala. Njira yosatsutsika ndi kusamutsa tayala. Liikeni kutsogolo kwa tsiku limodzi. Kulira kukasamuka nalo, bering'i ilibe mlandu. Bambo aja akanachita zimenezi, ndalama ya habu ikanakhala m'thumba.

Kugwira shoko ndi umboni

Tayala latiuza kuti pali kunjanja. Silinatiuze kuti wolakwa ndi shoko yekha. Tsono tifufuze.

Aliyense amadziwa kuyesa kokankha: kutsamira pangodya ya galimoto ndi thupi lonse, kuipanikiza kawiri katatu, n'kuisiya. Iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika. Ikapitiriza kuvina kawiri kapena katatu, shoko yafa. Koma ndikuchenjezeni, kuyesaku kumagwira shoko yofa kotheratu basi. Dzanja la munthu limakankha pang'onopang'ono, pamene kunjanja kodya tayala kumachitika kakhumi ndi kuposerapo pa sekondi. Shoko itha kupambana mayeso a dzanja koma pamsewu n'kumalephera. Sienta ija inakwera, n'kutsika, n'kugwedezeka pang'ono chabe. Mwini wake anati, "Mwaona amisiri, mashoko ndi abwino." Ndinati dikirani kaye.

Tinaunika ndi tochi. Shoko yakumanja inali ndi kachinyezi kopyapyala pamwamba, kouma ndi fumbi. Kameneko sikoopsa, ndodo imatuluka ndi oyilo pang'ono mwachibadwa. Yakumanzere inali yokutidwa ndi matope akuda, onona, kuchokera pa silo mpaka pansi pa bauti. Labala lotchinga fumbi linali litang'ambika n'kutsetserekera pansi. Dziwani kuti shoko youma mbee siitanthauza kuti ili moyo. Ina imauma chifukwa oyilo anatha kalekale, mvula n'kutsuka umboni.

Kenako tinayenda nayo. Ndinatuma mnyamata wanga kuti ayendetse pamsewu wa zigamba, ine ndi bambo aja tikutsatira pambuyo pagalimoto ina. Kuyesa kumeneku ndimakukonda chifukwa mwini galimoto amadzionera yekha. Thupi la Sienta linkayenda mwaulemu ndithu, koma tayala lakumanzere linkaphiriphitha pansi pake, kunjanja mothamanga pakadutsa chigamba chilichonse, pamene lakumanja linkagunda kamodzi n'kukhala. Titaima patapita mphindi khumi ndi zisanu, ndinagwira thupi la shoko iliyonse ndi kuseri kwa zala, mopewa ekizozi. Yakumanja inali yofunda. Yakumanzere inali yozizira ngati sinayende n'komwe. Shoko yogwira ntchito imatentha, pakuti ntchito yake ndi yomweyo yosandutsa kudumpha kukhala kutentha.

Titaimasula ndinaiimika chilili, n'kuikankha ndi kuikoka. Masentimita atatu oyamba ndodo inangolowa fwaa popanda chogwira, kenako n'kumveka kukhuluwika kwa oyilo wosakanikirana ndi mphepo. Nditaisiya sinabwerere yokha. Yamoyo imalimba ulendo wonse popanda malo ofewa, imalimba kwambiri poikoka kuposa poikankha, ndipo ngati ndi ya gasi ndodo imatuluka yokha pang'onopang'ono. Yesani itaimirira momwe imakhalira pagalimoto. Shoko ya mtundu wa machubu awiri mukaiyesa chogona kapena chozondoka imanamiza, imaoneka yakufa ili bwino.

Sindinalekere pomwepo, chifukwa shoko kawirikawiri siimwalira yokha. Bushi yapansi inali yong'ambika, kutanthauza kuti ngakhale shoko ikanakhala yamoyo, tayala likanayenda kamtunda shokoyo isanayambe kugwira. Kalabala koletsa shoko kugunda mapeto kanali katanyenyeka, umboni wa katundu wolemera. Pa rimu panali kamalo kowala pamene panali kachitsulo ka balansi kamene kanathothoka. Ndinagwedeza tayala, dzanja lina pamwamba lina pansi, kenako cham'mbali, osapeza kusewera. Ndinazungulitsa rimu nditaimika sikuludiraiva pafupi ndi mlomo wake kuti ndione ngati ikuyenda mokhota, inali yowongoka. Kutsogolo mayeso omwewa amaulula bolojointi, tayirodi ndi mabushi a mkono, ndipo chilichonse mwa izi chikamasewera chimatha kudya tayala mabampu shoko ili yatsopano.

Kukonza, ndi pamene anthu amalakwitsa

Mashoko amasinthidwa awiriawiri, onse akumbuyo kapena onse akutsogolo. Apa bambo aja tinakanganapo pang'ono.

"Yakufa ndi imodzi, ndigulirenji ziwiri?"

"Bambo, yakumanjayi yayenda mtunda womwewo, ndipo tayala lake layamba kale kulankhula. Mukaika yatsopano mbali imodzi, galimoto izigwira msewu mosiyana kumanzere ndi kumanja. Pamakona a ku Chikwawa mutadzaza anthu, kapena pogwira mabuleki mwadzidzidzi pamvula, m'pamene mudzazindikire."

Anavomera monyinyirika. Nkhani ya shoko si ya matayala okha. Tayala limene lili m'malere siligwira mabuleki ndipo silikhota, ngakhale kwa kanthawi kochepa bwanji, ndipo galimoto ya ABS, makina oletsa matayala kukwekwereza pogwira mabuleki, imasokonezeka kwambiri tayala likamanjanja.

Pogula, samalani ndi mashoko otsukidwa n'kupakidwa penti yakuda yonyezimira. Ena amabooledwa, kuthiridwa oyilo wina, n'kuwotchereredwa. Amalimba m'manja tsiku logula, koma timavalavu ndi silo ndi zakale zomwe zija. Yang'anani chipsera cha kuwotcherera pathupi lake, penti yofika mpaka pa labala, ndi ndodo yokandika kapena ya dzimbiri. Ochotsedwa pagalimoto zophwasulidwa ndi mwayi chabe. Ena amatumikira, koma simudziwa mtunda umene ayenda. Kwa galimoto yodyetsa banja, ine ndimati gulani atsopano a nambala yoyenera galimotoyo, ngakhale zitatanthauza kudikira sabata. Shoko yongofanana mabowo koma yotalika mosiyana imagunda mapeto n'kufa msanga. Pamodzi ndi shoko gulani labala lotchinga fumbi, kalabala ka mapeto kaja, ndi mabushi. N'zotchipa, koma ndi zimene zimasunga shoko yatsopanoyo.

Pomanga pali tinthu tinayi timene ndimaona tikulakwika tsiku ndi tsiku. Shoko yatsopano yakhala chogona m'katoni miyezi yambiri, choncho iimikeni chilili n'kuipopa kanayi kapena kasanu kuti mphepo ichoke m'malo a oyilo. Ndodo yonyezimira ija isagwidwe ndi pulayala pomanga nati yapamwamba. Kachipsera kamodzi kamadula silo, ndipo pakatha mwezi shoko yatsopano ikudontha. Ndodoyo ili ndi pogwirira pake kunsonga. Bauti yodutsa m'bushi yapansi imangidwe komaliza galimoto itatsika, itaima ndi matayala ake. Mukaimanga ili m'mwamba pa jeke, labala limapotoka galimoto ikatsika ndipo limakhala chopotoka mpaka kung'ambika. Ndipo kutsogolo, kumene sipuring'i imavala shoko, musayerekeze kumasula nati yapakati popanda chopanikizira sipuring'i. Ndinaonapo anyamata akumanga sipuring'i ndi zingwe za malamba. Ikaphonyoka imathyola nsagwada. Mukasintha zakutsogolo, onaninso mawunting'i yapamwamba, ndipo alayinimenti ndi yokakamiza. Kumbuyo kwa Sienta ntchito ndi yopepuka, popeza shoko ndi sipuring'i zili padera.

Tsono funso limene aliyense amafunsa: tayala lija lichira? Labala lodyeka silimeranso. Lakumanzere la bambo aja, losiyana mamilimita awiri pakati pa phiri ndi chigwa, ndinawauza kuti alisiye. Likanapitiriza kulira, ndipo choipa kwambiri, likanapitiriza kunjanja n'kumatopetsa shoko yatsopano. Kumbukiraninso kuti moyo wa tayala umawerengedwa pamalo olowa kwambiri. M'mizere ya tayala muli timilatho ta labala totalika mamilimita 1.6, ndipo pambali pake pamalembedwa TWI kapena kachizindikiro ka ngodya zitatu kolozera pamene tili. Malo olowa akafanana ndi timilathoti, tayala latha, ngakhale malo otukuka akuoneka onenepa. Lakumanja, la mabampu osaya, tinalichita balansi n'kulisunga ngati sipeya. Lotere likhoza kusalalako pang'ono likaikidwa kokoka, koma kulira sikutha tsiku limodzi. Kumbuyo anaika awiri atsopano, onse ochitidwa balansi, ndipo makina a alayinimenti anasonyeza kuti chitsulo chakumbuyo chinali chowongoka.

Ndondomeko yake ndi imene inkawapweteka bambo aja chaka chonse. Ankagula tayala kaye, shoko n'kuiiwala. Choyamba ndi kukonza chonjanjitsa, kenako tayala, kenako balansi ndi alayinimenti, zonse m'masiku omwewo.

Ndinene pang'ono za matayala a kaunjika, popeza ambiri ndi amene timakwanitsa. Ena amabwera ndi mabampu kale kuchokera pagalimoto imene anachokera, ndiye mutha kuimba mlandu mashoko anu osalakwa. Pogula musakhutire ndi kuya kwa mizere ndi polishi. Yendetsani chikhatho kuzungulira tayala lonse, mbali zonse ziwiri, kenako ligubuduzeni pasimenti yosalala mumve ngati likugunda. Onani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, choncho 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Mukaliika n'kuyamba kulira tsiku lomwelo, linabwera ndi matenda ake. Likayamba patatha miyezi iwiri, pangodya yomwe ija yakale, matenda ndi a galimoto yanu.

Kuti lisabwererenso

Opanga mashoko amalangiza kuwaunika pa makilomita 20,000 alionse ndi kuganizira zowasintha cha m'ma 80,000. Manambala amenewa ndi a misewu yosalala. Galimoto yolowa ku Machinjiri, Bangwe kapena Ndirande tsiku lililonse itadzaza isadikire mpaka pamenepo, ndipo zambiri zimene timaitanitsa kunja zimafika ndi mashoko ake oyamba atayenda kale mtunda wautali. Ine ndimaunika mashoko nthawi iliyonse yosintha oyilo wa injini, makamaka mvula ikangotha.

Matayala asinthanitseni malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000, akumbuyo apite kutsogolo. Ngati pambali pake pali muvi ndi mawu oti ROTATION, asawoloke kupita mbali ina, angosinthana kutsogolo ndi kumbuyo. Balansi ichitidwe nthawi iliyonse tayala likachoka pa rimu, kuphatikizapo pomata pankichala, ndipo matope ouma m'kati mwa rimu achotsedwe chifukwa nawonso amalemeretsa mbali imodzi. Mpweya uyezedwe m'mawa tayala lisanatenthe, motsatira kapepala ka pachitseko cha dalaivala, kamene pamagalimoto ena kamapereka nambala ina ya galimoto yodzaza. Chizolowezi chopopa mpaka tayala liume gwa, ati kuti linyamule anthu ambiri, chimalisandutsa mpira wonjanja uja. Ndipo pamahampu, tsikani liwiro musanafike, n'kusiya buleki tayala lisanakwere, kuti shoko ikhale ndi danga loyenda.

Bambo aja anabweranso atayenda makilomita pafupifupi 6,000, kudzasintha oyilo. Ndisanatenge n'sipanala yomwe, anagwada okha kumbuyo kumanzere, n'kuyendetsa chikhatho patayala, kunja, pakati, m'kati. Anadzuka akupukuta dzanja pa thalauza.

"Lasalala, amisiri. Koma tabwerani mugwire lakutsogolo kumanjaku, ndikumva ngati mamba a nsomba."

Ndinagwira. Tayirodi inali itayamba kusewera.